Ndime ya Munthu Wachisanu

Abambo anamwalira atasiya jekete limodzi labwino, mabuku odzaza khoma lonse la pabalaza, ndi ntchito imodzi yosamaliza. Jekete linapita nawo kumanda. Mabuku amayi sanafune n'kuwayang'ana komwe. Ntchitoyo inagwera ine, poti m'nyumba monse ndine ndinalibe chochita. Koleji ndinaisiya chaka chachiwiri kuti ndiwadwazike, ndipo atatisiya sindinaonenso chobwererako.

Abambo ankaphunzitsa za zipembedzo pa yunivesite. Anzawo ankasonkhanitsa buku la anthu osintha chipembedzo, aliyense kulembamo gawo lake. Gawo la abambo linali la anthu asanu amene anacheza nawo n'kuwajambula mawu. Anayi anali atawalemba kale bwinobwino, aliyense ndi dzina lopeka kuti asadziwike. Panali mayi wina amene anachoka ku Chisilamu n'kubatizidwa, mnyamata wochoka ku mpingo wakale n'kulowa wa makono, ndi ena awiri. Ukamawerenga sukanadziwa kuti wolembayo anali mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri.

Wachisanu analibe dzina lopeka. Anali ndi envulopu yake, ndipo nditangoona tsamba loyamba ndinamudziwa. Anali bambo aang'ono, mng'ono wawo weniweni wa abambo, wokonza mawotchi, amene analowa Chisilamu ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambire pamenepo dzina lawo kwathu linkatchulidwa motsitsa mawu. Kuchipatala sindinawaoneko n'kamodzi komwe. Pamaliro anaima kumbuyo kwa anthu ngati wodutsa m'njira.

Mu envulopumo munali chiganizo chimodzi cholembedwa kambirimbiri. "Anasochera", chofufutidwa. "Anatisiya", chofufutidwa mpaka pepala kubowoka. "Anataya chikhulupiriro cha makolo ake", chofufutidwa. Munthu amene ankalemba masamba khumi asanamwe tiyi anakanika pa mzere umodzi.

Ine sindinakanike. Mawu ojambulidwawo sindinawamvere, chifukwa mawu a abambo ndinkawaopa. Ndinangokhala pa kompyuta n'kulemba masamba awiri a zimene ndinakula ndikumva kukhitchini. Ndinati Munthu Wachisanu anasiya Chikhristu chifukwa chofuna kukwatira mkazi wa Chisilamu, ndipo kusinthako kunapasula banja lake. Ndinazikometsa ndi mawu a kukoleji, n'kupita nazo kwa mkonzi wa bukulo.

Mkonziyo anali mayi wamfupi, mnzawo wa abambo wa kalekale, amene ana a sukulu ankamutcha Inki Yofiira. Ofesi yake inali ndi mipando iwiri, umodzi utasenza mafayilo. Anawatsitsa pansi, anandifunsa za amayi, kenako anavala magalasi. Anawerenga mwakachetechete, cholembera chikungoyenda.

"Mwanangu, ananena ndani kuti chinali chifukwa cha mkazi?"

Ndinati aliyense akudziwa.

"A Aliyense amenewo sindinawaone pa mndandanda wa anthu amene bambo ako anacheza nawo. Amakhala kuti?"

Anandifotokozera mosakalipa. Anati wolemba za maphunziro saloledwa kulowa mumtima mwa munthu n'kutulukamo ndi chifukwa chimene mwiniwake sananene. Ngati achibale amati chinali chikwati, lemba kuti achibale amatero, ndipo ulembenso zimene mwiniwake akunena. Ukalemba kuti anasochera, waima pakhomo la tchalitchi. Ukalemba kuti anaona kuwala, waima pakhomo la mzikiti. Iwe malo ako ndi pamsewu, pomwe ukuona makomo onse awiri: anali wa uku, tsopano ndi wa uku, iye akuti zinayenda motere. Anati abambo anali ndi lamulo lawo limene ankaphunzitsa chaka chilichonse, loti ndime isapite kosindikiza mwiniwake asanaimve ndi makutu ake.

Kenako anavula magalasi n'kundiuza chimene chinkamuvuta kwenikweni. Iye ankadziwa kuti Wachisanuyo ndi ndani. Wofufuza akalemba za m'bale wake, owerenga ayenera kuuzidwa, kuti aziwerenga akudziwa. Koma kuwauza ndi kumuulula munthuyo, ndiye pamafunika chilolezo chake cholemba. Chilolezo chimene chinali mu envulopu chinali cha kujambula mawu kokha. Popanda chinacho Wachisanu achotsedwa, ndipo popeza mfundo yomaliza ya abambo inatsamira pa iye, gawo lonse likhala kaye pambali. Osindikiza ankadikira mpaka Lachisanu.

Ndinapita Lachitatu masana. Kashopu ka bambo aang'ono kanali pakati pa telala ndi wodula makiyi, kotambalala ngati chitseko chake chomwe. Mawotchi anali khoma lonse, aliyense akunena nthawi yakeyake. Iwo anali chiweramire pa tebulo, kagalasi kali pa diso.

"Chimutu," anatero osadzutsa nkhope. "Kayendedwe n'ka achimwene. Khala apo, usagunde thireyi, muli tizitsulo ta wotchi ya munthu."

Dzina langa laubwana limenelo ndinali nditaliiwala. Ndinakhala pa kabenchi kotsamira khoma, n'kuwauza zimene ndadzera, mouma ngati wa ku ofesi. Anati ndiwerenge. Ndinali nditatenga masamba anga omwe aja, a inki yofiira, ndipo ndinawawerenga dala momwe ndinawalembera. Ndinkafuna awamve kuwawa.

Anaseka mpaka kagalasi kanagwera m'dzanja.

"Chifukwa cha mkazi? Amayi ako aang'ono akamva adzanyada mwezi wathunthu. Ndinakumana nawo patapita zaka zitatu ndili kale Msilamu. Kodi matepi a bambo ako sunawamvere?"

Ndinati ayi.

Anandiuza okha. Panalibe tsiku limodzi, panalibe maloto kapena mphezi. Ataphunzira ntchito ankagona chipinda chimodzi ndi mnzawo amene ankadzuka m'mamawa kukapemphera, ndipo iwo ankangomuyang'ana ali m'bulangete. Zinatenga zaka zinayi, kufunsa, kuwerenga, kuleka, kuyambiranso. Anati kutchalitchi palibe anawalakwira. Nyimbo zina mpaka lero amapezeka akuziimba chamumtima akamatsegula wotchi.

Ndinalemba zonsezo kuseri kwa pepala. Kenako ndinawerenga chiganizo chatsopano: ali ndi zaka makumi atatu anachoka mu mpingo umene anakuliramo n'kulowa Chisilamu.

"Ayi. Ulembe kuti ndinabwerera. Ife timati munthu aliyense amabadwa wogonjera Mulungu, ndiye sindinalowe kwachilendo. Ndinabwerera."

Ndinadzimva ndikuyankha ndi mawu a Inki Yofiira. Ndinati zimenezo ndizilemba monga mawu awo, kuti iye amati kunali kubwerera, n'kufotokoza chifukwa chake amatero. Koma wolemba sangazinene ngati zake, monganso sanganene kuti anasochera.

Anaika kagalasi pa tebulo. "Mpaka ndi liuma lomwe bambo ako anakusiyira? Mawu amenewa tinakangana nawo miyezi isanu ndi iwiri pa benchi wakhalapoyo."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anayi ena aja abambo anacheza nawo kawiri kokha aliyense.

Bambo aang'ono anati tsiku loyamba abambo anabwera atavala tayi, atanyamula chojambulira mawu ndi fomu yosainira, atatha zaka khumi ndi zisanu osaponda pakhomopo. Anawatchula kuti "bambo" ngati mlendo. Mafunso anatha pa ulendo wachiwiri. Koma Lachiwiri lotsatira anabweranso, akuti pali chiganizo chimodzi sichikukhala bwino. Anawerenga, anakangana, anamwa tiyi wa telala. Lachiwiri linalo chimodzimodzi. Pofika mwezi wachitatu chojambulira sankachiyatsanso. Ankakamba za amayi awo, za njinga imene anaiphwanya ali ana n'kunamizira galu.

"Tsiku lina ndinawauza kuti achimwene, chiganizochi chakhala bwino, lembani chomwecho. Anati ayi, chikadali ndi minga, ndibweranso. Munthu wa mabuku onse aja angalephere chiganizo chimodzi, Chimutu? Akanachimaliza akanabwera ndi chifukwa chanji?"

Ndinakumbukira Lachiwiri lililonse abambo akuuza amayi kuti ali ndi msonkhano wa ku dipatimenti. Koma mkwiyo unali usanathe. Ndinafunsa kuti nanga kuchipatala bwanji sanabwere.

Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta wotchi yomwe inali yoyera kale. Anati ankabwera. Ankafika mpaka pa khonde la wodi, n'kuona amayi ndi azimayi a mpingo atazungulira bedi akuimba, iwo n'kubwerera. Sanafune kuti nyimbo iduke chifukwa cha chipewa chawo cha Chisilamu. Kawiri anapeza abambo ali okha, ine nditapita kogula mankhwala.

"Mwina ndinalakwa. Zimenezo usalembe kuti ndinachita bwino, usalembenso kuti ndinachita zoipa. Si mmene mumachitira anthu a mabuku inu?"

Tinakonza ndimeyo mpaka wodula makiyi anayamba kulowetsa katundu wake. Zoti kusinthako kunapasula banja anakana kuti ndichotse zonse. Anati ululu wa achibale unali weniweni, ulembedwe, koma ulembedwe kuti ndi mmene achibalewo anazionera: amayi awo analira, mkulu wawo anasiya kuwalankhula. Ndinawerenga komaliza kuyambira pamwamba, iwo atatsinzina. Anandiimitsa kamodzi kokha, kuti mnzawo uja anali wokonza mawailesi, osati mawotchi.

Ndiye ndinatulutsa fomu ya chilolezo imene Inki Yofiira anandipatsa. Ndinawafotokozera kuti akasaina, buku lidzanena kuti Munthu Wachisanu ndi wachibale wa wolemba, ndipo aliyense wotidziwa, wa kutchalitchi kapena wa kumzikiti, adzawazindikira. Ndinati ali ndi ufulu wokana, ndipo ndinanena zoona, ngakhale ndinkadziwa chimene kukanako kukanatanthauza.

Anavala kagalasi kaja n'kuwerenga fomu yonse, ndi timalemba tating'ono tomwe.

"Apa palakwika. Wachibale ndi ndani? Wachibale angakhale msuweni wa apongozi." Analoza ndi kachitsulo kotsegulira wotchi. "Ulembe kuti mng'ono wake. Bere limodzi."

Ndinafufuta, ndinalemba, iwo anasaina.

Lachinayi Inki Yofiira anawerenga ndimeyo kawiri, cholembera chili m'manja. Anangosuntha mpatuliro umodzi. Anati awonjezera mawu a m'munsi onena kuti gawoli linamalizidwa ndi mwana wa wolemba, kuchokera pa zolemba ndi matepi a bambo ake, koma sangalembe zimenezo ine ndisanawamvere matepiwo n'kutsimikiza mawu aliwonse ogwidwa. Anandipatsa mpaka m'mawa mwake.

Ndinawamvera masana omwewo pabalaza, zenera lili lotsegula. Mawu a abambo anatuluka aulemu, a tayi: "Bambo, mungandiuze mmene zinayambira?" Ndiye a bambo aang'ono: "Achimwene, mwayamba liti kunditchula bambo?" Amayi anatuluka kukhitchini manja ali onyowa, n'kuima pakhomo. Sindinazimitse. Patapita kanthawi anakoka mpando.

Gawolo linapita kosindikiza Lachisanu. Lachiwiri ndinatenga wotchi ya abambo m'dirowa n'kupita nayo kukashopu kaja. Bambo aang'ono anaiika pa khutu, anaitembenuza, n'kunena kuti wotchiyi ilibe vuto lililonse. Ndinati ndikuona ngati imatsalira pang'ono.

"Isiye," anatero, akusuntha thireyi pa benchi. "Zoterezi sizitheka tsiku limodzi."