Mizere Iwiri ya Pamphumi pa Apongozi

Ku studiyo ankamutcha Fufuta, dzina limene ankadana nalo kwambiri. Bwana akajambula anthu, iye ndiye ankakonza zithunzizo pakompyuta, m'kachipinda kakuseri kopanda windo, ndipo ankadzitama kuti sanafufutepo nkhope ya munthu. Ankati khwinya ndi kamthunzi chabe: umakapeputsa, koma zaka za munthu suzigwira. Anzake osalaza nkhope ya gogo mpaka kuterera ngati sopo ankawatcha mbava. Pakamwa Fufuta anali napo ndithu.

Ndiye tamvani zimene anachita mlaliki ameneyu.

Apongozi ake, mayi a mwamuna wake, anali telala, ndipo anali atangokwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Ana awo anagwirizana zowajambulitsa chithunzi chachikulu chokapachika m'shopu mwawo, pamwamba pa makina osokera. Bwana anawajambula bwinobwino, chithunzi n'kufika pa desiki ya Fufuta. Atachikulitsa anakumana ndi mizere iwiri yoimirira pakati pa nsidze, yozama ngati yochita kutema. Ankaidziwa bwino mizereyo. Inkamutsata akamasita malaya a mwamuna wake, akamapereka tiyi, ngakhale tsiku lija ankamuyesa diresi laukwati. Zaka zisanu ndi zitatu apongoziwo sanamunenepo choipa, koma nkhope yawo inkamuweruza tsiku ndi tsiku.

M'mawa wa tsikulo anali atamuyang'ananso choncho, pa bulauzi yake yatsopano. Fufuta anatenga burashi ya pakompyuta yodetsera m'malo mwa yowalitsira. Anadutsitsa katatu mumzere uliwonse, kenako m'mizere yopingasa ya pamphumi, n'kuitalikitsa pang'ono kumapeto. Ankadziwa pogwira, ndipo palibe akanaloza kuti apa pagwiridwa. Anachituma kokasindikiza mtima uli mbee.

Tsiku lochivundukula m'shopu muja, mlamu wake wamkazi, yemwe pakamwa pake sipakhala chitseko, anaseka mpaka kugwira tebulo lodulira nsalu.

"Amayi! Ndiye ngati mukufuna kumenya wojambulayo! Nkhope imeneyi ndi imene tinakulira ife."

Onse anaseka. Apongozi anasendera pafupi ndi chithunzicho, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Kani ndimakuyang'anani chonchi?" anafunsa motsitsa mawu. Palibe anawayankha, poti onse ankayesa nthabwala.

Kuyambira pamenepo mpango wawo unatsika mpaka m'nsidze. Akamalankhula ndi munthu ankayang'ana pansi. Kasitomala akabwera ankamuyeza maso ali kumbali, ndipo madiresi awiri anabwezedwa atalakwika m'chiuno, zimene zinali zisanachitikepo. Chithunzi chija anachitembenuzira kukhoma, ati galasi likuwathobwa m'maso. Mwamuna wa Fufuta ankangodandaula kuti amayi akukalamba msanga. Fufuta ankangovomera ndi mutu. Ankafuna kuti kawabaye pang'ono chabe, osati mayi wamkulu ayambe kubisira ana ake nkhope. Chikumbumtima chinamudya mlungu wonse, ndipo kuntchito ankalephera kuyang'ana mphumi ya kasitomala aliyense.

Lachiwiri masana anangoona apongozi aima pakhomo la kachipinda kake, chikwama chili m'khwapa.

"Mwana wanga, akuti inu mumatha kuchotsa zimenezi," anatero akuloza pamphumi. "Mundichotsere zonse. Zidzukulu zisadzandikumbukire ngati chilombo."

Fufuta anawakokera mpando. Choipa chitsata mwini: chinali chamupeza pa desiki yake yomwe. Akanatha kutsegula chithunzi chodetsedwa chija, kuchisalaza, n'kulandira zikomo. Chala chinaima pambewa ya kompyuta kanthawi. Kenako anatsegula choyambirira, chimene bwana anajambula, poti choyambirira sichitayidwa, n'kuchiika pambali pa chinacho.

"Amayi, taonani ziwirizi."

Apongozi anawerama. "Ichi chakumanzere ndiye chabwinoko. Mwayamba kale kukonza?"

"Ayi. Chimenecho ndi mmene mulili. Chinachi ndinachita kudetsa ine." Analoza chakumanja. "Dala, amayi. Palibe anandituma."

Apongozi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Ndiye kuti ndi mmene mumandionera inuyo," anatero.

Misozi inalengeza m'maso mwa Fufuta, koma anaona kuti kulira pamenepo kukhala kuwaberanso apongoziwo, kuti ayambe kumutonthoza iyeyo.

"Chabwino," anatero apongozi. "Gwirani ntchito yanu ndione."

Pakompyutapo Fufuta anayala kansalu kosaoneka pamwamba pa chithunzi choyambirira, kamene okonza zithunzi amati leya, kuti chapansi chisakhudzidwe. Pamenepo anatapa khungu losalala la pambali, n'kumaphimba nalo mzere uliwonse pang'onopang'ono, kutsata mmene wayendera. Posakhalitsa mphumi inali see.

"Iii, ameneyu ndiye ndani?" anadabwa apongozi. "Ngati chidole cha pawindo la shopu."

"Ndi zimene munapempha, amayi. Koma sitisiyira pamenepa. Tsopano ndizichepetsa mphamvu ya kansaluka, mizere izibwerera pang'onopang'ono. Mundiuze poima."

Anayamba kukoka kachizindikiro kochepetsera mphamvuyo. Mizere inayamba kuonekera ngati ulusi pansi pa nsalu yopyapyala. Itabwerera pafupifupi theka, nkhope inakhalanso yawo, ya zaka zawo zomwe, koma ngati ajambulidwa atagona tulo tokwanira. Timizere ta m'mbali mwa maso, tobwera ndi kuseka, sanatikhudze n'komwe. Anachepetsa chithunzicho kuti achione chonse, monga amachitira nthawi zonse, poti ukayang'anitsitsa pafupi umaiwala munthu.

"Bwezeraniko pang'ono iwiri yapakatiyo," anatero apongozi. "Imeneyo ndi ya singano. Zaka makumi asanu ndikulowetsa ulusi, ingapite kuti?"

Atatero anakankhira mpango m'mwamba, n'kusendeza nkhope pafupi ndi sikirini kuti aonetsetse. Nsidze zinakumana, maso anachepa, mizere iwiri ija inazama. Fufuta anaizindikira. Inali nkhope yomwe ija, ya pa bulauzi, ya pa diresi laukwati. Ndipo apa apongoziwo ankayang'ana chinthu chimene chawasangalatsa.

"Amayi, kodi maso amakuvutani?"

"Akhala akundivuta kalekale. Magalasi amanditsetsereka ndikawerama pamakina, ndiye ndinawaponya m'dirowa. Chimene ndikufuna kuchiona bwino ndimachita kuchifinyira chonchi." Anawongoka. "Musindikize chimenechi. Chinacho ana asadziwe, ndi nkhani ya ine ndi inu."

Fufuta anavomera ndi mutu. Kukhululukidwa kotere kunamulemera kuposa kutukwanidwa.

Pakhomo apongozi anatembenuka n'kumuyang'ana, nsidze zitakumana, kuyambira kumapewa mpaka m'chiuno. Mwachizolowezi Fufuta anafuna kugwetsa nkhope, koma anapirira.

"Bulauzi imeneyi," anatero apongozi, "tsiku lija ndinkafuna kukuuzani kuti ikukukhalani. Ndinaona mwathawitsa maso, ndiye ndinangokhala chete. Mumathawitsa nthawi zonse, mwana wanga. Ndinkayesa simufuna ndizikuonani."