Wani Sate Yeniyeni

Habiba anadzuka Loweruka lija thupi lili lefu, ngati wagona atasenza dengu la usipa. Zaka zinayi akhala mlembi wa Chilimira Stars, timu ya asodzi a padoko lawo, ndipo ulembi wake unali wochapa majezi, kusunga makhadi a osewera, kupepesa oyimbira mpira, ndi kulemba uthenga wa tsiku la masewero pa Fesibuku ndi pagulu la Watsapu. Malipiro ake anali kutchedwa achemwali.

Chiyambire ntchitoyi anali ndi kanzeru kake. Mpira wa ligi ya m'dera lawo umayamba 2:30, koma msodzi ukamuuza 2:30 amayamba kufunafuna nsapato 2:30 yomweyo. Choncho Habiba ankalemba 1:30. Chaka choyamba zinayenda. Kenaka anyamata anatulukira, nayamba kuwonjezera okha ola pamwamba. Iye anayamba kulemba kuti 1:30 yeniyeni. Iwo anazoloweranso. Panafika poti aliyense padoko, mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa, ankadziwa kuti 1:30 ya Habiba ndi 2:30 ya Mulungu.

Koma sabata imeneyi zinthu zinali zina. Bwalo lina linali litadzaza madzi, ndiye akuluakulu a ligi anaika masewero awiri pabwalo limodzi la sukulu ku Maganga. Chilimira Stars ndi Mpunga United ayambe 1:30, ena atsatire. Ndipo Chilimira inali italephera kale kufika pabwalo kawiri chaka chino, koyamba chifukwa cha mwera umene unatsekera anyamata kutsidya, kachiwiri chifukwa cha maliro. Lamulo la ligi linali losapita m'mbali: kachitatu, timu ichotsedwa.

Atayanika usipa pathandala, anakhala pansi ndi foni yake yosweka galasi nalemba:

"LERO NDI LERO! Mpunga United ndi Chilimira Stars, bwalo la sukulu ku Maganga. Mpira uyamba 1:30 YENIYENI, osati ya masiku onse. Khoka sakoka mmodzi, tiyeni tonse!"

Anauwerenga, mtima sunakhale pansi. Kulemba 12:30 kunamubwerera m'maganizo, koma anangoti wakula, watopa nako kunamiza amuna a ndevu zawo. Anaimbira kaputeni wa timu, Abdulkarim, amene anali kusoka ukonde.

"Achimwene, mwauona uthenga? Lero ndi wani sate. Masewero ndi awiri pabwalo."

"Tauona, achemwali. Wani sate." Anali kuseka.

"Sindikuseka ine. Muwauze anzanu."

"Ndiwauza, musadandaule. Ife ndi inu tinayamba liti?"

Habiba sakanatha kuwayendera khomo ndi khomo. Makhadi anafunika kufika kwa oyimbira nthawi isanakwane, choncho anakwera kabaza, chikwama cha majezi pamiyendo, dzuwa likumuwotcha m'khosi njira yonse ya m'minda ya mpunga.

Pabwalo anapeza a Mpunga United atavala kale, akuthamangathamanga. A Chilimira analipo anayi, ndipo anayiwo anabwera msanga chifukwa anali ndi zibwenzi ku Maganga. Mpira sungayambe popanda osewera asanu ndi awiri. Anaimbira Abdulkarim, foni inangolira m'thumba la munthu wopalasa njinga. Anaimbira goloboyi, anayankha mkazi wake kuti akusamba.

Oyimbira anali bambo wofatsa, wodziwana naye kalekale. Anadikira mphindi khumi ndi zisanu za lamulo, nawonjezera zisanu zachifundo, maso ali kumsewu.

"Mayi, ndayesetsa. Enawa akudikira bwalo."

"Ndaona, bambo. Imbani."

Wezulo inalira katatu pabwalo lopanda mpira. A Mpunga anawomba m'manja mwamanyazi. Habiba anakhala pachikwama cha majezi pansi pa mtengo wa mango. Sanakwiye, mphamvu zokwiyira analibe. Chimene chinamuwawa n'chakuti majeziwo anawachapa dzulo ndi manja ake, onse khumi ndi asanu ndi atatu.

Itangodutsa 2 koloko kunamveka mavuvuzela. Njinga zinatulukira pakona motsatizana, anyamata akuimba, ochemerera atadzaza kalole ka nsomba, amayi a zitumbuwa ali pambuyo ndi mabeseni awo. Timu yonse, osasowa ndi mmodzi yemwe, zimene Habiba anali asanazionepo chaka chonse.

Abdulkarim anatsika panjinga thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

"Achemwali, lero musatinene. Onani nthawi, tafika mpira usanayambe!"

Kenaka anaona matimu achilendo akukonzeka pabwalo, ndi a Mpunga akuvula nsapato.

"Watha," anatero Habiba. "Atichotsa mu ligi."

Abdulkarim anatulutsa foni, nawerenga uthenga uja pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Koma mwalemba wani sate, monga mwa masiku onse."

"Eya, achimwene," anayankha Habiba osadzuka pachikwama. "Lero lokha sindinakunamizeni."