Sindikweza ngakhale pang'ono

Kufakitale ya sopo komwe ndimalongedza makatoni atatidula masiku ogwira ntchito, malipiro anga adatsika kuchoka pa 180,000 kufika pa 120,000. Banki idapitiriza kudula 50,000 yake ya ngongole yomwe ndidatenga, mwezi uliwonse. Chikole cha ngongoleyo ndi puloti yomwe ndamangapo zipinda ziwiri, momwe timagona ine ndi mwana wanga.

Alamu anga, omwe ndi kalaliki, adandilembera kalata yopempha banki kuti ichepetse ndalama yodula pamwezi. Masamba awiri, kugwada kokhakokha. Kumapeto adalemba kuti ndizibweza 45,000.

"Alamu, imeneyi ndiitenga kuti?"

"Mukalemba yochepa akusekani, mlamu. Banki simuidziwa inu."

"Banki sindiidziwa, koma mtengo wa basi ndi fizi ya mwana kusukulu ya mkaka ndimaudziwa."

Ndidang'amba pepala m'kope n'kulemba ndekha. Ndidayika nambala ya ngongole. Ndidati malipiro atsika, kalata ya abwana ndi mapepala a malipiro, akale ndi atsopano, ndi awa. Yatsala miyezi khumi ndi iwiri. Ndikupempha muitalikitse, ndizibweza 30,000 pamwezi. Pansi ndidandandalika chakudya, basi, fizi, magetsi.

Kubanki, mkulu woona za ngongole adaiwerenga akutembenuza cholembera m'zala.

"Mwalemba nokha, mayi?"

"Zolakwikazo n'zanga. Masamuwo onani ngati alakwika."

Adabaya makina ake. "Pa 30,000 ikhala miyezi 23. Chiwongoladzanja chikuwonjezerani pafupifupi 90,000. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndamva. Iwawa, koma ndiikwanitsa."

"Ikani 40,000. Akuluakulu savuta ikakhala choncho."

Adandikankhira cholembera. Sindidachigwire.

"Bambo, ndikalonjeza 40,000 n'kulephera mwezi wachitatu, mudzandisinthiranso?"

"Kawiri n'kovuta."

"Ndiye mudzatani?"

Adayang'ana kumbali. "Timapita ku chikole."

"Eya. Mukufuna ndikunamizeni lero kuti mudzagulitse nyumba yanga mwaulemu. Ine sukulu ndidasiyira panjira, koma sindinaphonyepo mwezi ngakhale umodzi. Onani m'kompyutamo."

Adaona, n'kukanda m'mutu.

"Sindine wovomereza, mayi. Ndingoipereka kumwamba. Mpaka ayankhe, 50,000 izidulidwabe."

"Perekani momwe iliri. Ndipo mundidindire kope langa la kalatayi, pasadzakhale zoti kalata sinafike."

Adaseka. "Inu mukadakhala loya."

"Ndikadakhala loya simukadandiimika pamzere maola awiri. Dindani."

Adadinda.

Mwezi umenewo adaduladi 50,000. Ndinkapita kuntchito wapansi, nsapato mpaka kubooka. Alamu ankangoti, "Ndinanena ine."

Patatha masabata asanu adandiitana. Pangano latsopano lidali patebulo: 30,000, miyezi 23. Ndidawerenga mzere uliwonse ndi chala, mkulu uja akuyang'ana wotchi.

"Mayi, kunja kuli anthu."

"Adikire. Nanenso ndinadikira."

Nditafika pamzere wa chikole ndidawerenga kawiri, kenako ndidasaina. Pobwerera ndidakwera basi.