Kakolo wa Esinala

Esinala, wotsogolera gule wa amayi a chipani ku Bangula, anabinya kakolo poyeserera kuvina. Adokotala anamumanga bandeji mothina pang'ono.

"Masiku oyambawa mupume, mwendo m'mwamba," anatero. "Kenaka muziponda pang'onopang'ono, pakapweteka muleke. Zodumpha ayi, mayi."

Msonkhano utafika, tcheyamani sanafune kumva zimenezo. "Chipani sichidikira kakolo!"

Esinala analowa m'bwalo momvera adokotala: amaponda pang'ono, kutsimphina, kenaka kuima. Amayi anzake, ozolowera kutsanzira chilichonse chimene iye wachita, onse anayamba kutsimphina mwendo wamanzere, nkhope zitakwinyika ngati yake.

Alendo anaomba m'manja, ati gule watsopano. Adokotala okha, omwe analinso pamsonkhanopo, anagwira mutu poganiza kuti onse abinya, poti kuchipatala kunatsala bandeji mmodzi.