Zigawo Khumi ndi Zisanu za Bambo Hatibu

Akazi anali akutsukabe mbale za sadaka ya tsiku lachitatu pomwe Hamdan anaitanira mlongo wake Nusra kuseri kwa nyumba, pamalo pamene malemu bambo awo ankapalira matabwa.

"Ba Kalumba bafuna mitengo yonse ya ku Katuba," anatero, kunena wamalonda wina wogula mitengo yootcha makala. "Bazabwela na banthu bao, bashoke malasha kamozi. Malo yazasala yathu."

Nusra anapukuta manja pachitenje. M'komboni yawo ya Mandevu aliyense ankadziwa kuti Bambo Hatibu, kalipentala wochokera ku Mangochi, anali ndi nkhalango kumpoto kwa Lusaka. Anapatsidwa malowo kalekale, koma sanalimepo ndi mzere umodzi womwe. Anthu ankawaseka kuti akuweta mitengo.

"Batate sibanafune," anatero Nusra.

"Batate tabaika."

Mawuwo anatuluka olimba kuposa mmene iye ankafunira. Panali patapita zaka zisanu chigulitsireni kampani yomwe Hamdan ankagwirako ntchito, ndipo kuyambira pamenepo ankangodalira maganyu. Chaka cha malirocho, 2002, mvula inadukiza chimanga chili ndi ngayaye, ufa unakwera, ndipo mwana wake Jasmin anali ataonda mpaka diresi la sukulu linkamulendewera. Hamdan ankafuna kantemba, kagolosale kakang'ono ka pamsika, poyambira basi.

Nusra ankaphunzitsa pa kasukulu ka m'komboni, ndipo ndiye ankakhala ndi bambo awo pomvera wailesi. Anamukumbutsa zimene mkuluyo ankakonda kubwereza: kuti mtengo umamwa mpweya wa utsi n'kuusunga m'thupi mwake, ukauotcha, mpweyawo umabwerera kumwamba, ndipo wina umakhalako zaka mazana, n'kumafunditsa dziko ngati bulangeti. Wootcha lero kutenthako sakumva kwenikweni. Amadzakumva ndi wina.

"Wina ndani?" anafunsa Hamdan. "Ali na zina? Amvela njala? Jasmin nimamuona na maso. Utsi wamene ukamba unachoka ku mafakitale ya bazungu, osati pa mbaula yanga. Beve banalemela nao, manje ine nikhale na njala kuti nikonze vamene banaononga? Elo bazukulu kapena bazankala bolemela kuchila ise."

"Kapena. Nanga ngati bazapeza chabe fumbi? Sibangabwele kuno kuzatipempha, achimwene. Ndiye chifukwa ni chapafupi kubadyela."

 Awiriwo anagwirizana chimodzi: akaone kaye malowo. Onse awiri anali asanapondeko chikulireni.

Loweruka anakwera minibasi ya msewu wa ku Kabwe. Njira yonse ankadutsana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala, zikulowera m'tauni. Atatsika anayenda ola lathunthu m'dziko la zitsa ndi mabala akuda a mauvuni akale a makala. Kenako, ngati khoma, mitengo inayamba.

Mayi wina wamfupi, manja akuda ndi makala, anawachingamira. Anali Mainess, wamasiye wa pamudzi woyandikana nawo. Atamva za malirowo anakhala pansi, nalira kanthawi. Atatha anaimirira n'kunena kuti, "Bwelani muone nchito ya ba Hatibu."

Hamdan ankayembekeza nkhalango yosakhudzidwa ndi nkhwangwa. Anadabwa kuona uvuni ukufuka.

"Mumatema?"

"Chaka na chaka," anatero Mainess. "Bana banga bakulila pamene apa."

Anawayendetsa akulongosola. Bambo Hatibu anagawa malowo zigawo khumi ndi zisanu. Chaka chilichonse Mainess ankadula chigawo chimodzi chokha, n'kusiya misuku ndi mitengo ikuluikulu yogwetsa mbewu. Ankadulira m'munsi, mopendeketsa, kuti madzi a mvula asakhazikike pachitsa n'kuchiwoletsa. Mizu ya mombo ndi mtondo siifa: chitsa chimaphuka mphukira zambiri, iwe n'kupatulira, kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Mdani ndi moto wa mu Okutobala. Makala ankagawana ndi Bambo Hatibu, ambiri kwa wootcha. Anawaonetsa chigawo choyamba, chodulidwa zaka khumi ndi zitatu zapitazo. Mitengo inali itatalika kuposa denga la nyumba, yonenepa ngati ntchafu ya munthu.

"Ba Hatibu benze kukamba ati utsi wamene tatulutsa kuno, uyu mtengo ukaubweza. Koma uyenela kuupasa nthawi. Ukatema vonse, mbuzi na moto vizasiliza mphukila, palibe chobwela."

Pakati pa nkhalangoyo panali zigawo zitatu za msinkhu umodzi. Nusra ndiye anaona, nafunsa.

"Ivo ni va 1992," anatero Mainess. "Chaka cha chimanga cha yelo. Mwana wanga anatupa mendo. Ba Hatibu banabwela, banamuyangana, bakuti temani vitatu. Nenze kudabwa, nati nanga lamulo yanu? Bakuti, 'Mayi, ana osabadwawo adzabadwa kwa ndani ngati uyu afa?' Thumba olo imozi sibanatengeko. Pambuyo pake tinankala zaka zibili osatema, kuti vilingane. Beve benze kunipasa nchito yonyamula matabwa ku Mandevu."

Hamdan anakumbukira zaka zimenezo: tiyi wopanda shuga, bambo ake akuphika ndi zipalo za matabwa. Ankaganiza kuti ndi kuumira.

"Imwe ba Mainess," anafunsa, "ba Kalumba bakabwela, bazakulembani nchito. Muzapeza zambili chaka chino. Simufuna?"

Mayiyo anaseka pang'ono, mopanda chimwemwe. "Nifuna. Ningakunamizeni? Nyumba yanga idontha. Koma chaka chamailo nizayenda kuti? Banzanga manje bayenda masiku yabili kusakila mitengo."

Hamdan anachoka pa awiriwo, nakakhala pachitsa. Kantemba kaja sikakanatuluka m'chigawo chimodzi, ngakhale ziwiri. Anadziwa kuti akamukanira Kalumba, adzabwerera ku maganyu, ndipo mkazi wake adzamufunsa ngati mitengo imadyedwa. Anadziwanso kuti zimene ananena za mafakitale zinali zoona, ndi kuti bambo ake ankazidziwa. Mkuluyo sanadikire kuti olemera ayambe ndiwo. Anangopima chimene mwana wamoyo akufunika kuti asafe, n'kumupatsa, chotsalacho n'kusiyira anthu amene sadzamva n'komwe dzina lake.

"Chaka chino titema vibili," anatero atabwerera kwa awiriwo. "Chachibili ni cha Jasmin. Chaka chamailo tipumula. Ba Kalumba nizabauza neka."

"Sivizakwana kantemba," anatero Nusra motsitsa mawu.

"Niziba."

Pobwerera Mainess anawadutsitsa kumalire, ku chigawo chimene chinadulidwa chaka chatha. Mphukira zake zinali zofiirira, zosafika m'chiuno, zoti sizidzadulidwa mpaka patapita zaka khumi ndi zinayi. Mozungulira panali njira yolambulidwa bwino yotchinga moto, yotakata mapazi asanu. Inayenda mbali zitatu, n'kuthera pakati pa udzu wautali.

"Banabwela mwezi watha," anatero Mainess. "Chifuba chenze chabagwila kudala. Nati siyani ba Hatibu, iyi mitengo simuzaiona. Bakuti, 'Moto sudziwa zimenezo.' Apa ndiye mphamvu zinabathela."

Khasu linali litakolekedwa pa mphanda ya msuku, mpini wake wosalala ndi manja. Hamdan analitsitsa. Anavula malaya ake oyera a kumzikiti, nawapatsira Nusra kuti agwire, n'kuyamba kulambula pomwe bambo ake anasiyira.