Imelo ya Bambo Siifufutidwa

Imelo ya bambo anaitseka kachiwiri Lachinayi, patatha miyezi inayi titawaika m'manda. Ine ndinali nditasiya koleji kudzagwira shopu yawo ya mipando, ndipo adiresi ija ndi imene inalembedwa ndi penti pachitseko, pansi pa dzina lawo. M'kati mwake munali makalata onse amene ankandilembera ndili kusukulu, aafupi, opanda moni, onse othera pa funso lakuti ndadya kapena ayi.

Ndinapita kukampani yaing'ono imene imatisungira imelo. Mayi wa makompyuta, wamagalasi, ananditembenuzira sikirini. Makalata zikwi zitatu anali atatuluka m'dzina la bambo pa ola limodzi, olonjeza anthu mphoto zabodza. Anati zikatere makina amatseka okha, apo ayi makalata a makasitomala awo onse angayambe kukanidwa kulikonse. Ulendo woyamba tinasintha pasiwedi, tinasesa kompyuta ya kushopu, sitinapeze vairasi. Tsopano wakuba amene ankatumiza makalatawo anali atalowanso, ali kudziko lina, ndi pasiwedi yatsopano yomweyo, osaphonya ngakhale chilembo.

"Achimwene, ingotsegulani ina. Eni ake adapita."

"Amene adapita ndi iwowo. Iyi yatsala ndi ine."

Anapukuta magalasi. Anati andipatsa mpaka Lolemba: ndikalephera kunena kumene pasiwedi ikudonthera, aifufuta ndi zonse za m'kati mwake.

Kunyumba ndinapeza amalume pampando wa bambo, miyendo atayala. Atamva, anaseka, nati ine ndathawa mabuku kuti ndizilondera bokosi la makalata la munthu wakufa. Ndinawayankha kuti bola ine ndikulondera bokosi, ena akulondera mpando. Anakhosomola.

Amayi anali kuchipinda akupinda zovala. Pambali pa pilo panali foni ya bambo, ili pachaja. Ndinkadziwa kuti amaisunga, koma sindinkadziwa kuti m'mawa uliwonse amatsegula imelo ija ngati mmene munthu amatsegulira zenera. Pasiwedi yatsopano ndinali nditawalowetsera ndekha, ndi kuwalembera papepala.

Ndinawafunsa ngati analembapo pasiwediyo penapake. Anati kawiri kokha, ndipo ananena monyadira. Kunabwera kalata yakuti akauntiyi yakhala nthawi osaigwiritsa ntchito, aitseka pakatha maola makumi awiri ndi anayi pokhapokha mwini wake atadina linki ndi kutsimikiza pasiwedi. Anadina, analemba. Patapita masabata inabweranso ina, analembanso, akukopera papepala langa lija.

"Ndikanangoyang'ana akuwatseka bambo ako kachiwiri?"

Ndinakhala pabedi. Mkwiyo umene ndinabwera nawo unasowa pogwira. Amalume, ali pakhomo, anati njira ndi imodzi, kuwalanda foniyo achemwali awo. Ndinati foni ikhala pomwe ili.

Lachisanu ndinapita ndi amayi kuofesi kuja, foni ili m'chikwama mwawo. Mayi wa makompyuta anatsegula kalata ija, natisonyeza adiresi yeniyeni ya wotumiza, ya zilembo zosokonekera, yosakhudzana n'komwe ndi kampani yawo. Anauza amayi mofatsa kuti iwo safunsa munthu pasiwedi pakalata, ngakhale atati kumwamba kukugwa. Amayi anafunsa ngati ndi iwo anatsekulira wakuba chitseko. Ndinayankha ndisanapatse wina mpata: ayi, wakubayo anagogoda atavala yunifolomu.

Kenako tinagwira ntchito. Tinaika pasiwedi ina, yaitali, pakompyuta ya muofesimo. Tinatulutsa zipangizo zonse zimene zinali zitalowa muakauntiyo. Nambala yobwezeretsera akaunti wakuba anali ataisintha, tinaikapo yanga. Tinapezanso malamulo awiri amene anabisa: lina lotumiza kope la kalata iliyonse kuadiresi yake, lina lofufuta makalata obwerera kuti tisazindikire kanthu. Tinachotsa onse. Pomaliza tinakonza zoti aliyense wolowa ndi chipangizo chachilendo azifunsidwa nambala yobwera pafoni yanga. Foni ya bambo ndinailowetsanso ndekha, ndipo ulendo uno sindinalembe pepala.

Mayi uja anati aitsegula, koma ndilembere makasitomala athu kuti asadine chilichonse m'makalata a mphoto aja. Anawonjeza kuti ndikopere makalata a bambo kwina, chifukwa ikachitanso kachitatu sadzandimvera.

"Ndikopera lero. Koma kachitatu kulibe."

Tili mumsewu, amayi anaima pamthunzi wa sitolo ina, natsegula foni. Anayendetsa chala mpaka pansi, pa kalata imene bambo anandilembera chaka chatha, naiwerenga. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zodzaza utuchi.

"Iwe, wadya?"

Ndinati ayi.