Wailesi ya Che Abdulkarim

Tsiku limenelo Eveles anatunga madzi kawiri, anachapa matewera, anasiya mwana kwa apongozi, n'kuthamangira kusitolo ya a Lodwick ku Senga Bay. Anasesa, anapukuta kauntala, anayala sopo ndi magalasi a nyali. Eni sitolo anali atapita kukapikula katundu ku Lilongwe. Mawu awo anali omwe aja a masiku onse: "Ukabweza ndalama pa chinthu chimene kampani ikana, zituluka m'malipiro ako."

Munali mu 1984. Malipirowo anali K25 pamwezi, ndipo wailesi imene Che Abdulkarim anaikhazika pakauntala m'mawa umenewo inali ya K38.

Che Abdulkarim anali mwini ngalawa ziwiri, ndipo asodzi awo onse ankagula mafuta a nyali m'sitolomo. Munthu wotere sumukwiyitsa.

"Achemwali, chinthu chanu ichi. Miyezi iwiri yokha, chatseka pakamwa. Ndalama zanga."

"Pepani bambo. Lisiti ndi khadi la galanti mwatenga?"

Anazitulutsa m'chipewa. Eveles anayerekeza nambala ya pakhadi ndi ya kumsana kwa wailesi, kuopa kuti angamubweretsere ina. Zinafanana. Anayang'ana timisomali ta kumbuyo: palibe chizindikiro choti wina anatsegulapo. Kenaka anainunkhiza.

"Mukununkhiza chiyani? Ndi chambo chimenecho?"

"Siinapiteko kuchilumba cha Mbenji pangalawa, bambo? Mafunde aja..."

"Wallahi, ndikulumbira, madzi siinawaonepo! Imakhala pakabati, Tausi mkazi wanga amaifunditsa kansalu. Kapena inu ndi amene munandigulitsa yakale, mutaipukuta bwino." Anatsitsa mawu, maso ali pakhomo. "Dzulo anthu anadzaza pakhonde panga kudzamvera msonkhano wa chipani, wailesi zii. Akandifunsa kumene ndinaigula, ndinene chiyani?"

Eveles sanadziwe ngati linali funso chabe kapena msampha. Anangotsegula kachitseko ka mabatire.

Mabatire munalibe, koma tizitsulo togwira mabatire tinali titachita dzimbiri, titamera zoyera ngati phulusa. Kamodzi kanali katadyeka mpaka kuduka.

"Mabatire ake ali kuti, bambo?"

"Ndinataya."

"Munkawayanika padzuwa akafooka?"

"Ndani sayanika?"

"Nanga kuboola ndi msomali n'kuthiramo madzi a mchere?"

Che Abdulkarim anakanda ndevu. Eveles ankazidziwa bwino zimenezi. Malume ake ku Chitala anapha tochi ziwiri mwanjira yomweyo.

"Kamodzi kokha. Ndipo inalankhula sabata yathunthu."

"Inalankhuladi, koma mabatire oboola amadontha, ndipo madzi ake amadya chitsulo." Anayala khadi lija pakauntala, chala chili pamzere. Sukulu analekezera Sitandade 7, koma khadi ili analiloweza ngati katekisimu. "Apa akuti miyezi isanu ndi umodzi. Chikafa chokha chifukwa cha kapangidwe, amakonza ulere kapena kukupatsani china. Ndalama sabweza. Ndipo apa: madzi, kugwetsa, mabatire odontha, galanti siigwira. Ndalama sindingathe kukubwezerani, bambo. Pepani ndithu."

"Chizungu chimenecho mukuwerenga ndinu. Ndidziwa bwanji kuti sichikunena zina?"

"Tengani khadili, mukawapatse aphunzitsi a Lawson apo pasukulu akuwerengereni. Ine ndidikira."

Anapitadi. Eveles anagulitsa machesi ndi singano akuyang'ana msewu ngati mwina abwera ndi anyamata a chipani. Che Abdulkarim anabwera okha, chipewa chili m'manja.

"Ndiye ndiitaye m'nyanja?"

"Ayi. Njira zilipo. Mukhoza kuipereka kwa wokonza wa pamsika, achita lero lomwe, koma akangomasula timisomali ito, galanti ya miyezi inayi yotsalayi yathera pomwepo. Kapena tiitumize kukampani. Tizitsulo mulipira nokha, koma china chikadzafa chokha m'katimo, adzakonza ulere. Zimatenga milungu itatu."

"Milungu itatu! Nanga anthu a pakhonde panga?"

Eveles anaganiza za kawailesi kake kakunyumba, kosweka pakona, kamene ankamvera pochapa.

"Ndikubwerekani yanga. Koma mabatire mugula atsopano pompano, ndipo msomali usayandikire."

Che Abdulkarim anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza pamene pabisala mbedza.

"Mulembe papepala kuti mwalandira wailesi yanga. Nambala yakenso. Musadzandisinthire."

"Inunso musaine kuti mwatenga yanga."

Onse anasaina, aliyense akuyang'ana dzanja la mnzake.

Wailesi inabwera patapita milungu inayi, osati itatu, ikulankhula. Che Abdulkarim anaona nambala kawiri asanainyamule. Analipira K4 ya tizitsulo, K1.50 yotumizira, ndi 80 tambala ya mabatire. A Lodwick sanataye kanthu, asodzi anapitiriza kugula mafuta. Malipiro a Eveles anatuluka athunthu, K25. Iye chimene chinamutayikira ndi mwezi umodzi wochapa matewera popanda nyimbo, ndi 60 tambala yogulira kachingwe, chifukwa kawailesi kake kanabwerako chogwirira chitaduka, kakununkha usipa.